Lipoti la atchi ya mahinji atatu: katundu wa 60 kN pamalo amodzi ndi momenti pa joini ya pa mamita 9

Nyumbayi ndi wekishopu ya denga la maatchi azitsulo, ija yoti chitsulo chimachoka pansi mbali ino nkupindika ngati uta mpaka kukatera pansi mbali inayo, popanda mzati pakati. Eni ake amafuna kupachika tcheni buloko pa atchi imodzi kuti azitsitsira makina pa lole. Katundu yense, kuphatikiza tcheni buloko yomwe ndi kachiwonjezero kaja timaika chifukwa cha kugwedezeka ponyamula, tinamuika pa 60 kN, omwe ndi matani pafupifupi 6. Funso lomwe ndinapatsidwa linali lachidule: atchiyo ipirira? Makamaka folomani nkhawa yake inali pa joini ya mabawuti pomwe zidutswa ziwiri za atchi zimalumikizana, chifukwa malo omwe amafuna kupachikapo anali pafupi ndi joiniyo.

Miyezo yake ndi iyi. Kuchokera pa pini ya kumanzere, tiitche A, kufika pa pini ya kumanja, B, ndi mamita 24, ndipo mapini onsewo ali pa levulo imodzi. Pini yachitatu, C, ili pamsonga pakatikati, mamita 12 kuchokera mbali iliyonse, yokwera mamita 6 pamwamba pa mzere wa A ndi B. Mapulani akuti kupindika kwake ndi kwa parabola. Katundu apachikidwe mamita 6 kuchokera ku A, joini ili mamita 9 kuchokera ku A. Mitunda yonseyi ndi yoyeza chogona, pansi, osati kutsatira kupindika kwa chitsulo ayi. Ndipo mamita 6 okwerawo ndi kuchokera pakati pa pini kufika pakati pa pini, osati kuchokera pa fulo kufika pa malata. Ndikutsindika pamenepa chifukwa munthu akapita ndi tepi nthawi zambiri amayeza chomwe chili chosavuta kufikira, kenako nambala yolakwikayo imalowa m'masamu onse.

Chomwe chimasangalatsa ndi atchi ya mahinji atatu, omwe ndi mapini atatu amenewa, nchoti masamu ake safuna kudziwa kukula kwa chitsulo. Pa A pali mphamvu ziwiri zosadziwika, yopita mmwamba ndi yogona, pa B chimodzimodzi, zonse zinayi. Malamulo a kukhazikika amatipatsa ma ikwezhoni atatu basi, nde tikupelewera imodzi. Yachinayi ikuchokera pa pini ya pamsonga: pini imazungulira momasuka, siingagwire momenti, choncho momenti pa C ndi ziro. Zinayi kwa zinayi, nkhani yatha. Nchifukwa chake akatswiri akale ankaikonda pamalo oti nthaka ikhoza kutitimira pang'ono kapena chitsulo kutalika ndi kutentha, atchi imangosintha kaimidwe pang'ono pamapini osadzipanikiza. Galerie des Machines ya ku Paris ya 1889 inali yotere, mlatho wa Salginatobel ku Switzerland womwe anapanga Robert Maillart, wa 1930, nawonso ndi wa mahinji atatu.

Tiyambe ndi mariyakishoni opita mmwamba. Tikatenga momenti pa A ya atchi yonse, mphamvu yogona ya pa B siikulowamo chifukwa mzere wake ukudutsa pa A pomwepo, mapini ali pa levulo imodzi paja. Nde zikungokhala ngati bimu wamba wogona pa masapoti awiri.

```
VB x 24 = 60 x 6
VB = 15 kN
VA = 60 - 15 = 45 kN
```

Palibe chachilendo, katundu ali pafupi ndi A ndiye A akusenza zambiri. Apa mpamene ambiri amaimira nkuyamba kuwerenga momenti ngati ndi bimu, pomwe chomwe chimapangitsa atchi kukhala atchi sitinachipeze. Atchi ikalemedwa imafuna kutambasula miyendo, maziko nkumaikankhira mkati. Mphamvu yogona imeneyi, thirasiti, timailemba H, ndipo poti palibe katundu wina wogona, H ya pa A ndi ya pa B ndi yofanana, zongoyang'anizana.

Kuti tipeze H tidula atchi pa C nkutenga mbali imodzi. Ine ndimatenga mbali yopanda katundu chifukwa ndi yachidule komanso mpovuta kuphonya. Kumanja kuli VB yokha ndi H.

```
VB x 12 - H x 6 = 0
H = 15 x 12 / 6 = 30 kN
```

Mukatero musakhulupirire kaye, bwerezani ndi mbali yamanzere. 45 kuchulukitsa 12 ndi 540, kuchotsa 60 kuchulukitsa 6 yomwe ndi 360, kutsala 180, kugawa ndi 6, ikubwera 30 yomweyo. Onani kuti 180 imeneyi ndi momenti yomwe bimu wogona wa mamita 24 akanakhala nayo pakati, choncho H ndi momenti ya bimu pa C kugawa ndi kukwera kwa atchi. Ichi chikuuzeni chinthu: atchi yafulati imakankha kwambiri. Ikanakhala yokwera mamita 3 okha H ikanakhala 60 kN ndi katundu yemweyu. Ndipo munthu akanayeza molakwika nkulemba 5 m'malo mwa 6, H ikanatuluka 36.

Pali njira ina yotsimikizira yomwe ndimaikonda kuposa kubwereza masamu, ndipo ndi yomwe inatsegula nkhani yonse pa ntchito imeneyi. Theka lamanja la atchi, kuchokera C kufika B, lilibe katundu pakati, lili ndi pini uku ndi pini uko. Chinthu chotero mphamvu yake iyenera kuyenda mumzere wowongoka wolumikiza mapini awiriwo, kaya chitsulocho chapindika motani. Mzere wa B kupita C umakwera 6 pa 12, kutanthauza theka. Riyakishoni ya pa B ndi 15 mmwamba pa 30 chogona, thekanso. Zagwirizana. Ngati manambala anu a VB ndi H sakupereka kupendekeka komweko ndiye penapake mwasokoneza, bwererani. Mphamvu yonse ya pa B ikaphatikizidwa ndi 33.5 kN, ya pa A ndi 54.1 kN yopendekeka madigiri pafupifupi 56.

Tsopano momenti pa joini. Choyamba tifunika kudziwa kuti pa mamita 9 atchi yakwera bwanji. Parabola ya atchi yotere imalembedwa chonchi, x kuchokera ku A, L ndi mamita 24 aja a sipani, h ndi mamita 6 okwera:

```
y = 4h x (L - x) / L^2
y = x (24 - x) / 24
x = 9:  y = 9 x 15 / 24 = 5.625 m
```

Tidula pa joini, titenge zonse zomwe zili kumanzere kwake. VA ili mamita 9 kutali, ikupinda chitsulo mbali imodzi. Katundu wa 60 ali mamita 3 kuchokera pa joini, akubweza. H ili pansi pa joini ndi mamita 5.625, nayonso ikubweza. Mkono wa H ndi y, kutalika kopita mmwamba, osati x, apa anthu amasakaniza kawirikawiri.

```
M = 45 x 9 - 60 x 3 - 30 x 5.625
M = 405 - 180 - 168.75
M = +56.25 kNm
```

Chizindikiro cha pulasi apa ndikutanthauza kuti kunsi kwa chitsulo kukukokedwa, kumtunda kukupanikizika, monga mmene bimu amachitira akalemedwa pakati. Mukaona bwino, 405 kuchotsa 180 ndi 225, momenti ya bimu wogona pamalo omwewo, ndipo atchi yachotsapo 168.75 chifukwa cha H. Nde fomula yonse ndi yaifupi: momenti ya atchi ndi momenti ya bimu kuchotsa H kuchulukitsa y. Kuchoka pa 225 kufika pa 56.25, kwatsala kota yokha. Mukabwereza kuchokera kumanja, 15 kuchulukitsa 15 ndi 225, kuchotsa 168.75 yomweyo, yankho silikusintha.

Folomani atamva 56 anati ndiye zili bwino bwana, tipachike. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono akulu, joini si malo okhawo. Pansi penipeni pa katundu, x ndi 6, y ndi 4.5, momenti ndi 45 kuchulukitsa 6 kuchotsa 30 kuchulukitsa 4.5, ndiye 270 kuchotsa 135, kutsala 135 kNm. Apa ndiye pachimake, kuposa kawiri ya pa joini. Izi ankaziyembekezera, aliyense amadziwa kuti pomwe wapachika mpomwe pamavutika. Chomwe sankayembekezera ndi cha mbali inayo.

Pa mamita 18 kuchokera ku A, kapena kuti 6 kuchokera ku B, kulibe katundu aliyense, palibe chomwe chapachikidwa. y ndi 4.5 chifukwa atchi ndi yofanana mbali zonse. Kuchokera kumanja, 15 kuchulukitsa 6 ndi 90, kuchotsa 135, yankho ndi -45 kNm. Mainasi. Kutanthauza kuti mbali imeneyo ikupindikira kunja, ikutukumuka mmwamba, kumtunda kwa chitsulo kukukokedwa ndipo kunsi ndi komwe kukupanikizika. Mukakanikiza atchi mbali imodzi, mbali inayo imadzuka. Pa theka lonse lamanja momenti ndi ya mainasi, ikuyambira ziro pa C, kufika -45 pakatikati pake, nkubwerera ku ziro pa B.

Nambala ya 45 ndi yaing'ono poyerekeza ndi 135 koma ine inandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chake nachi. Chitsulo cha atchiyi ndi cha mtundu wa I, chili ndi fulanje yakumtunda ndi yakunsi. Mapalini a denga amamangidwa pa fulanje yakumtunda, ndiye ikapanikizika ili ndi zoigwira kuti isathawire mmbali. Fulanje yakunsi ilibe chilichonse, ili yokha mtunda wonse kuchokera C mpaka B. Chitsulo chopyapyala chachitali chikapanikizika sichidikira kuti chiphwanyike, chimangokhotera mmbali nkupotoza sekishoni yonse. Ndiye pomwe momenti ndi 135 fulanje yopanikizika ndi yogwiridwa bwino, pomwe ndi -45 fulanje yopanikizika ndi yosagwiridwa. Munthu amene wawerenga momenti pamalo amodzi okha omwe anamufunsa sangachione chimenechi.

Zonsezi zimaoneka bwino mukajambula mzere wa mphamvu, ndipo ndimalimbikitsa kujambula pa pepala ndi rula, si ntchito yayitali. Yambani pa B, dutsani pa C, pitirizani mowongoka mpaka mukakumane ndi mzere woimirira wa katundu pa x ya 6. Kuchokera ku B ndi mamita 18, kukwera theka pa mita iliyonse, mufika pa mamita 9 mmwamba. Tsopano kuchokera pa A, riyakishoni ikukwera 45 pa 30, kutanthauza 1.5 pa mita, pa mamita 6 ikufikanso pa 9. Mphamvu zitatu zakumana pamfundo imodzi monga ziyenera kukhalira. Mizere iwiri imeneyi ndiyo njira yomwe mphamvu ikufuna kuyendamo, pomwe chitsulo chili pena. Momenti pamalo aliwonse ndi H kuchulukitsa mpata woimirira pakati pa mzere wa mphamvu ndi pakati pa chitsulo, mabuku amalitcha lamulo la Eddy. Pa x ya 6 mzere uli pa 9, chitsulo pa 4.5, mpata 4.5, kuchulukitsa 30 ndi 135. Pa joini mzere uli pa 7.5, chitsulo pa 5.625, mpata 1.875, kuchulukitsa 30 ndi 56.25. Pa x ya 18 mzere uli pa 3, chitsulo pa 4.5, mzere wadutsa kunsi kwa chitsulo ndi 1.5, ndiye -45. Manambala onse atatu abwera popanda kubwereza masamu aatali aja, komanso chizindikiro chikuoneka ndi maso: mzere ukakhala pamwamba pa chitsulo ndi pulasi, ukakhala pansi ndi mainasi. Folomani sanatsutsenso atangoona chojambulachi, pomwe manambala okha ankangogwedezera mutu.

Ena amanena kuti parabola siikhala ndi momenti. Zoona, koma pa katundu wamtundu umodzi wokha, wofalikira mofanana pa mita iliyonse yogona. Denga la wekishopuyi tinaliwerengera 2 kN pa mita, H yake ndi w kuchulukitsa L sikweya kugawa ndi 8h, 2 kuchulukitsa 576 kugawa 48, yomwe ndi 24 kN, ndipo mzere wa mphamvu wa katundu wotere ndi parabola yomweyo, umagona ndendende pa chitsulo, mpata ziro, momenti ziro. Kulemera kwa chitsulo chenichenicho sikofanana ndendende pa mita yogona chifukwa kumiyendo atchi ndi yotsetsereka kwambiri, koma kusiyanako nkochepa pa atchi ngati iyi. Vuto lake ndi loti amene anapanga atchiyi anasankha chitsulo poganizira denga ndi mphepo, osati matani 6 pamalo amodzi. Katundu wa pamfundo imodzi amapereka mzere wa mphamvu wothyoka, wa ngodya, sungagone pa parabola ngakhale pang'ono, ndiye momenti yonse yomwe tapezayi ndi yatsopano kwa chitsulocho.

Kubwerera ku joini. Mabawuti samva momenti yokha, palinso mphamvu yoyenda motsatira chitsulo ndi ina yodula chopingasa. Kupendekeka kwa parabola pamalo aliwonse ndi 1 kuchotsa x kugawa 12, pa 9 ndi 0.25, ngodya ya madigiri 14.04. Kumanzere kwa joini mphamvu yoimirira yotsala ndi 45 kuchotsa 60, ndiye -15, chifukwa tadutsa kale katundu, yogona ikadali 30.

```
N = H cos(t) + V sin(t) = 29.10 - 3.64 = 25.5 kN
Q = V cos(t) - H sin(t) = -14.55 - 7.28 = -21.8 kN
```

N ndi yopanikiza, Q ndi shiya. Kuti mudziwe ngati simunasinthanitse sin ndi cos kapena chizindikiro mu mzere umodzi mwa iwiriyi, phatikizani ziwirizi monga mbali za thirayango, muyenera kupeza 33.5 kN, yomwe ija ya pa B, chifukwa kuchokera pa katundu mpaka ku B mphamvu ndi imodzi yomweyo, tangoiona mopendeketsa.

Mpata pakati pa mafulanje awiri ndi pafupifupi 0.4 m. Momenti ya 56.25 kugawa 0.4 ikupereka 141 kN, kukoka kunsi ndi kupanikiza kumtunda. N tikaigawa pakati, pafupifupi 13 mbali iliyonse, kunsi kukutsala 128 kN yokoka, kumtunda 153 yopanikiza. Thirasiti ya denga imachepetsako kukokako pang'ono, koma ine sindinaidalire, mphepo ikawomba denga lopepuka limatha kunyamuka m'malo mokanikiza. Ndiye puleti yakunsi ndi mabawuti ake ziyenera kugwira 128 kN yokoka, ndipo joini imeneyi nthawi zambiri yakhala ikungopanikizika. Titakwera kukaona tinapeza puleti yakunsi ili ndi mabawuti okwanira monga mwa pulani koma awiri anali olefuka, wina amazungulira ndi chala, penti kuzungulira mitu yake inali yong'aluka mozungulira ngati kamphete. Joini yopanikizika imatha kukhala chonchi zaka osaoneka vuto chifukwa zitsulo zimangotsamirana. Tsiku loyamba kukokedwa mpomwe imatseguka.

Kenako kunabwera maganizo awiri ochokera kwa eni ake, onse omveka ndithu ukangowamva. Oyamba anali oti tisunthire tcheni buloko pakatikati, pa C, kuti mbali zonse zisenze mofanana, komanso paja pa pini palibe momenti. Pa pini palibedi momenti koma kwina konse ilipo. Katundu ali pa C, VA ndi VB ndi 30 iliyonse, H ndi 30 kuchulukitsa 12 kugawa 6, 60 kN, yawirikiza kawiri. Pa x ya 6 ndi pa 18 momenti ndi 180 kuchotsa 270, -90 kNm mbali zonse ziwiri, pa joini ndi 270 kuchotsa 337.5, -67.5. Nde nambala yaikulu yatsika kuchoka pa 135 kufika pa 90, inde, koma yonse ndi ya mainasi, yopanikiza fulanje yosagwiridwa ija, yawirikiza kawiri ndipo ili miyendo yonse. Thirasiti nayo m'malo mwa 54, yomwe ndi 30 kuphatikiza 24 ya denga, ikufika 84. Ndinakana.

Achiwiri anali oti aike tolole yoyenda kuti tcheni buloko izisuntha pang'ono uku ndi uku. Katundu akasuntha manambala onse amasintha, ndiye funso limakhala loti malo oipitsitsa ndi ati. Katundu W ali pa mtunda a kuchokera ku A, mkati mwa theka lamanzere, momenti pansi pake ndi iyi:

```
M = W a (L - a)(L - 2a) / L^2
```

Imafika pachimake a akakhala pafupifupi 0.211 ya sipani, kwa ife mamita 5.07, momenti 138.6 kNm. Ndiye mamita 6 aja ali kale pafupi ndi malo oipitsitsa a chitsulo chonse, kusunthira ku 5 sikusintha zambiri. Koma kwa joini nkhani ndi ina. Katundu akafika pa joini penipeni, a ndi 9, momenti ndi 60 kuchulukitsa 9, 15 ndi 6, kugawa 576, ikutuluka 84.4 kNm. Kuchoka pa 56 kufika pa 84 pongosuntha mamita atatu, mphamvu ya mufulanje ikukwera kufika 211 kN tisanachotse N. Akapitirira kufika pa C momenti ya pa joini ikutembenuka kukhala -67.5. Joini yomweyo izikokedwa kunsi lero, mawa kumtunda, mabawuti samakonda zimenezo, amalefuka. Tolole tinaisiya.

Pali zinthu ziwiri zomwe masamu onsewa atsamirapo zomwe ndinafuna kuziona ndi maso. China ndi kupindika kwa atchi. Mapulani akuti parabola koma opanga zitsulo ambiri makina awo amapinda mozungulira ngati gawo la seko, ndi chosavuta kwa iwo. Mariyakishoni sasintha, 45, 15 ndi 30 zimadalira pomwe pali mapini basi, koma y imasintha. Seko yodutsa mapini atatu omwewa ili ndi rediyasi ya mamita 15, pa x ya 9 y ndi 5.70, pa 6 ndi 4.75. Momenti ya pa joini ikanakhala 54.1, pansi pa katundu 127.6, koma mbali yamanja -52.4 m'malo mwa -45. Taonani, ya pulasi ikutsika, ya mainasi yomwe tikuiopa ikukwera. Njira yodziwira ndi yosavuta, kuyeza kukwera kwa pakati pa chitsulo pa kota ya sipani. Ikakhala pafupi ndi 4.5 ndi parabola, ikakhala pafupi ndi 4.75 ndi seko, masentimita 25 ndi ambiri simungawaphonye. Yathu inali pa 4.5.

Chinacho ndi mapini. Ikwezhoni yachinayi ija yonse ikuima pa kunena kuti pini ya C imazungulira. Ikagwira dzimbiri nkuuma, kapena wina pokonza denga nkuwotcherera kapuleti modutsa pamsonga poganiza kuti akulimbitsa, atchi yasanduka ya mahinji awiri, momenti pa C sikhalanso ziro ndipo H siingapezeke ndi masamu afupi awa, imayamba kudalira kulimba kwa chitsulo, kutentha, ngakhale kusuntha pang'ono kwa maziko. Pini yamoyo imadziwika: pamakhala kampata koyera pakati pa mapuleti, penti yothyoka motsatira pozungulira, pena kachitsulo kowala pomwe pamakhudzana. Yakufa dzimbiri limatupa nkudzaza mpata wonse ndipo penti imakhala yosalala kudutsa pamwamba ngati nchinthu chimodzi. Ya pa C inali bwino. Ya pa B inali itakwiririka ndi zinyalala ndi matope ouma mpaka theka, tinafukula, kutsuka ndi kupaka girizi.

Zomwe ndinalemba kuti zichitike zinali izi. Malo opachikira akhale amodzi okhazikika pa mamita 6, olembedwa ndi penti pamodzi ndi malire a katundu, ndipo pansi pa malowo pawotchereredwe tizitsulo tolimbitsa pakati pa mafulanje kuti katundu asapinde fulanje yokha. Pa 135 kNm chitsulo chinakwanira, ngakhale mpata wotsala sunali waukulu. Mabawuti onse a joini asinthidwe ndi atsopano a giredi yolembedwa pa pulani nkumangidwa ndi sipanala ya toko, osati kungomanga akale aja. Theka lamanja, komanso lamanzere poti ntchito yake ndi yochepa, liikidwe timipiringidzo topendekeka tochokera ku mapalini kukagwira fulanje yakunsi. Tcheni ikoke choimirira nthawi zonse, chifukwa akakokera chammbali H ya pa A ndi ya pa B sizikhalanso zofanana, ndipo akakokera motsatira utali wa nyumba ndiye atchi ikukankhidwa mbali yomwe ilibe mphamvu nkomwe.

Maziko ndinawasiyira pomaliza chifukwa anafunika kufukula. Nyumbayi ili ndi chitsulo chokoka chokwiriridwa mu fulo cholumikiza A ndi B, ndiye H siipita mu nthaka, imathera mu chitsulocho, 54 kN pamodzi ndi denga. Kukula kwake kunali kokwanira bwino. Chomwe ndinafunsa nchoti pa fulo pamenepo palembedwe mzere, chifukwa eni ake anali ndi pulani yokumba dzenje loikapo makina atsopanowo cha pakati pa nyumba, ndipo malo omwe anajambula ndi choko anali akudutsa ndendende pamwamba pa chitsulocho. Dzenjelo analisunthira mamita awiri chakumbuyo, pakati pa maatchi awiri.